Koteshoni yapita kale koma mtengo walakwika: momwe mungaikonzere kasitomala osakuthawani

Ndimasunga mabuku ndi kulemba makoteshoni pa shedi ya ukalipentala ya achimwene anga ku Chinamwali. Timapanga madesiki, matebulo, zitseko ndi mashelefu, ndipo makasitomala athu ambiri ndi masukulu, matchalitchi ndi eni nyumba za lendi za ophunzira ku Chikanda. Anzanga a bizinesi, owotcherera, osoka mayunifolomu, ophikira misonkhano, amandifunsa funso limodzimodzi pafupifupi mwezi uliwonse: "Ndatumiza koteshoni dzulo, lero ndaona kuti ndaphonya. Nditani?" Ndaganiza zolemba pamodzi zimene ndakhala ndikuwayankha.

Chimene ndaona pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi n'chakuti kasitomala sakuthawani chifukwa mwalakwitsa masamu. Amakuthawani akazindikira yekha kuti nambala yasintha inu musanamuuze, kapena mukamupatsa chifukwa chimene sangathe kuchiona ndi maso ake papepala.

## Musanaimbe foni, dziwani pamene koteshoni yafika

Zimene mungachite zikudalira mayankho a mafunso atatu awa:

- Kodi kasitomala wavomera kale? Kuvomera kungakhale LPO, chikalata chimene wogula amalemba poitanitsa katundu, siginecha, dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba, ngakhalenso uthenga wa pa WhatsApp wakuti "yambani ntchito".
- Kodi munalembapo masiku amene mtengowo ukhale ukugwira ntchito, ndipo masikuwo adutsa?
- Kodi koteshoni inapita kwa munthu wamba ndi kampani, kapena inaponyedwa m'bokosi la tenda ku ofesi ya boma?

Pa malamulo a mgwirizano amene timatsata kuno ku Malawi, mtengo umene mwapereka mungathe kuubweza malinga ngati winayo sanauvomere, koma uthenga wobwezawo uyenera kumufika iye asanavomere. Akangovomera, mgwirizano wamangika. N'chifukwa chake tsiku limodzi lozengereza limatha kusandutsa nkhani yongokonza pepala kukhala nkhani yopempha chifundo. Mukaona cholakwika m'mawa, imbani m'mawa womwewo.

## Chizindikiro 1: Chiwonkhetso cha pansi sichikugwirizana ndi mizere ya pamwamba

Ili ndi vuto lofala kuposa onse, komanso losavuta kulikonza, chifukwa umboni wake uli papepala limene kasitomala ali nalo kale m'manja.

Zoyambitsa, kuyambira yofala kwambiri:

1. Munawonjezera mzere pansi mu Excel koma fomula yowonkhetsa sinaufikire.
2. Munasintha chiwerengero cha katundu, koma mtengo wa mzerewo unali wolembedwa pamanja, osati fomula, ndiye sunasinthe.
3. Nambala ina inalowa ngati mawu, mwina chifukwa munailemba ndi K kutsogolo, ndipo Excel inaidumpha powonkhetsa.
4. Ziro imodzi inasowa kapena inawonjezereka.

Poyesa, musadalire kompyuta yomwe yakulakwitsaniyo. Tengani kakyuleta ya pafoni, chulukitsani mzere uliwonse panokha, muwonkhetse. Kenako dinani kabokosi ka chiwonkhetso muone pamene fomula yathera. Nambala imene yalowa ngati mawu imakonda kutsamira kumanzere kwa kabokosi, pamene nambala yeniyeni imatsamira kumanja.

Izi zinatichitikira mu 2024. Sukulu ina yoyima payokha cha ku Domasi inapempha mtengo wa katundu wa makalasi awiri atsopano. Mizere inali motere: madesiki 40 pa K85,000 iliyonse, K3,400,000, matebulo a aphunzitsi 4 pa K120,000, K480,000, mipando 4 pa K45,000, K180,000. Madzulo a hedi anaimba kuti tiwonjezere mashelefu a mabuku atatu. Ndinawalemba pa mzere wa pansi, pa mtengo wa K150,000 iliyonse, K450,000, n'kutumiza PDF usiku womwewo. Fomula inali ikadali motere:

```
=SUM(E5:E7)
```

pamene mashelefu anali pa mzere wa 8, ndipo inayenera kukhala:

```
=SUM(E5:E8)
```

Koteshoni inapita ndi K4,060,000, kuphatikiza VAT ya 16.5 peresenti, K669,900, zonse pamodzi K4,729,900. Zoona zake zinali K4,510,000, VAT K744,150, zonse pamodzi K5,254,150. Kusiyana kwake K524,250. Onani kuti kusiyanako si K450,000 yokha, chifukwa msonkho nawo unawerengedwa pa nambala yoperewera. Ambiri pokonza amaiwala zimenezi, n'kudzatumizanso koteshoni yachitatu.

Ndinazindikira mawa lake achimwene atandifunsa ndalama zimene tipatule zogulira matabwa a mashelefu. Komiti ya sukulu inali isanakumane. Ndinaimba kaye foni, sindinayambe ndi uthenga. Titapatsana moni ndinati: "A Hedi, pepani, pa koteshoni ndinakutumizirani dzulo ndalakwitsa ine powonkhetsa. Mukaiona, mashelefu alembedwapo ndi mtengo wake, koma chiwonkhetso cha pansi sichinawaphatikize. Mitengo ya chinthu chilichonse sinasinthe. Ndimati ndikudziwitseni musanaipereke kwa a komiti." Anandifunsa kuti kusiyana ndi zingati, ndinawauza nambala yonse ndi msonkho womwe, osaichepetsa.

Pasanathe ola ndinatumiza pepala latsopano. Nambala ya koteshoni ndinaisiya yomweyo n'kuwonjezera R1 kumapeto, ndinaika deti la tsikulo, ndipo pamwamba ndinalemba kuti "Iyi ikulowa m'malo mwa koteshoni ya dzulo." Uthenga wotsagana nalo unali waufupi:

"A Hedi, monga takambirana pafoni, nayi koteshoni yokonzedwa. Chasintha n'chimodzi: chiwonkhetso tsopano chaphatikiza mashelefu atatu a K450,000 ndi VAT yake K74,250. Zonse pamodzi zachoka pa K4,729,900 kufika pa K5,254,150. Ngati bajeti siifikira, tikhoza kuchotsa mashelefu n'kubwerera pa mtengo woyamba uja, mashelefuwo tidzapange teremu ya mawa. Pepani chifukwa cha chisokonezochi."

Mzere wa mashelefu a teremu ya mawawo ndi umene unagwira ntchito yaikulu. A hedi anali atatchula kale nambala yoyamba kwa apampando a komiti. Ndikanangowapatsa nambala yokwera, akanaoneka ngati iwo ndi amene sanawerenge bwino. Powapatsa njira ziwiri, anapita kwa apampando ali ndi chonena. Komiti inasankha kutenga shelefu imodzi pamodzi ndi madesiki, ziwiri zinazo tinapanga patapita miyezi itatu.

Pali zinthu ziwiri zimene musachite. Musafufute PDF yakale pa WhatsApp ndi Delete for everyone n'kuponyapo ina mwakachetechete. Pamatsala chizindikiro chakuti uthenga wafufutidwa, ndipo nthawi zambiri munthu amakhala atasunga kale kapena kusindikiza yoyambayo. Komanso musakankhire mlandu kwa "mnyamata wa mu ofesi" kapena "makina". Kasitomala akamva zimenezo amaganiza kuti pa shedi panu palibe amene amaona mapepala asanatuluke.

## Chizindikiro 2: Masamu ali bwino, koma pokagula zipangizo ndalama sizikukwana

Ili ndi lovutirapo, chifukwa kasitomala sangaone cholakwikacho papepala lake. Chili m'mabuku anu.

Zoyambitsa, kuyambira yofala kwambiri:

1. Munagwiritsa ntchito mitengo yakale ya zipangizo, osafunsanso ku hadiweya.
2. Munaiwala thiransipoti, vanishi, guluu, misomali kapena malipiro a aganyu okweza ndi kutsitsa.
3. Munasokoneza muyeso: mtengo wa thabwa limodzi ndi wa mita imodzi, kapena wa chinthu chimodzi ndi wa dazeni.
4. Munawerenga phindu molakwika.

Pa chachinayi ndifotokozeko pang'ono, chifukwa chimadya anthu mwakachetechete. Desiki ikakudyerani K68,000 ndipo mukufuna kuti pa mtengo wogulitsira 20 peresenti ikhale phindu, simuchulukitsa ndi 1.2. Kutero kumapereka K81,600. Mumagawa ndi 0.8, zimene zimapereka K85,000. Pa madesiki 40 kusiyanako ndi K136,000. Koma ili si vuto lopita nalo kwa kasitomala. Phindu lachepa koma lilipo. Gwirani ntchitoyo, mukonze pa koteshoni yotsatira.

Poyesa zinazo, lembaninso mtengo wa chinthu chimodzi kuyambira pachiyambi ndi mitengo ya lero. Imbani ku hadiweya kwanu mu Zomba muno, ndipo ngati zitsulo kapena bolodi mumakatenga ku Limbe, funsaninso kumeneko pamodzi ndi mtengo wa galimoto. Za thiransipoti, kumbukirani kuti kupereka katundu ku Matawale n'kosiyana kwambiri ndi kukapereka ku Chingale kapena ku Mayaka nthawi ya dzinja.

Mukapeza gwero, dzifunseni moona mtima: kodi ndinalakwitsa, kapena mitengo yakwera nditatumiza kale? Ziwirizi musazisakanize polankhula ndi kasitomala. Mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zitsulo, penti ndi zina zochokera kunja inasintha m'masiku ochepa, ndipo makasitomala ankamvetsa chifukwa anali akuziona okha m'mashopu. Koma ngati munangoiwala thiransipoti n'kunena kuti "zinthu zakwera", kasitomala akhoza kuimba yekha ku hadiweya n'kupeza kuti thabwa likadali pa mtengo wa sabata yatha. Akatero, ngakhale mitengo yanu yoona aziikayikira.

Kakonzedwe kake:

- Ngati sanavomere, imbani, tchulani chinthu chenichenicho chimene munaiwala, ndipo pa koteshoni yatsopano muchiike pa mzere wakewake kuti chioneke. Musachimwaze m'mitengo ina.
- Ngati zipangizo zakweradi, onetsani koteshoni kapena lisiti ya ku hadiweya, ya kale ndi ya lero.
- Ngati kusiyanako kukungochepetsa phindu koma simukulowa m'thumba, ine ndimangosenza. Ndimamuuzabe kasitomala kuti "mtengo uwu ndaulemekeza monga ndinalembera, koma ulendo wina desiki yotere idzakhala pa mtengo wakuti." Mukapanda kunena, akadzabweranso adzayembekezera mtengo wolakwika womwewo, ndipo adzauzanso anzake.

## Chizindikiro 3: Mkangano wabuka pa msonkho

Zoyambitsa:

1. Koteshoni sinanene ngati mtengo ukuphatikiza VAT kapena ayi.
2. Munachotsa VAT pa mtengo wophatikiza pogwiritsa ntchito njira yolakwika.
3. Munagwiritsa ntchito fomu yakale yokhala ndi peresenti yakale.
4. Kasitomala wadula msonkho polipira, inu n'kuganiza kuti walipira moperewera.

Choyambacho chimapweteka kwambiri. Munthu akawerenga "zonse pamodzi K1,165,000" popanda mawu ena, ali ndi chifukwa chomveka choganizira kuti ndi zokhazo zimene alipire. Mukadzawonjezera msonkho pa invoisi, adzaona ngati mwamutchera msampha. Ngati sanavomere, konzani msanga ndi mizere itatu yooneka: mtengo, VAT, zonse pamodzi. Ngati wavomera kale, konzekerani kuti msonkhowo ungachoke m'ndalama zomwezo.

Pochotsa VAT pa mtengo wophatikiza timagawa, sitichotsera. Pa 16.5 peresenti ya mu 2024:

```
=1165000/1.165
```

Yankho ndi K1,000,000. Mukachotsera 16.5 peresenti pa K1,165,000 mupeza K972,775, yomwe ndi yolakwika. Peresenti ya VAT imatha kusinthidwa ndi boma, choncho muziiika m'kabokosi kamodzi pa fomu yanu ndipo muzitsimikiza ndi chilengezo cha MRA musanatumize. Ndipo amene sanalembetse VAT ku MRA saloledwa kulipiritsa msonkhowu. Ngati munauika pa koteshoni musanalembetse, uchotseni lero ndipo muuzeni kasitomala.

Chachinayicho si cholakwika cha koteshoni konse. Mabungwe ndi makampani ambiri amadula msonkho polipira n'kukaupereka ku MRA m'dzina lanu. Pa katundu ngati wathu mu 2024 inali 3 peresenti ya mtengo wosaphatikiza VAT, ndiye pa K4,510,000 akanadula K135,300. Ndalamayo sinatayike, imadzawerengedwa pa msonkho wanu wa pachaka. Chofunika ndi kupempha satifiketi yosonyeza kuti adula. Musakweze koteshoni pofuna kubweza ndalama imeneyi.

## Chizindikiro 4: Mwapeza kuti munalemba mtengo wokwera kuposa woyenera

Kawirikawiri zimachitika chinthu chikalembedwa kawiri, kapena VAT ikaikidwa pa mtengo umene unali nayo kale. Nthawi zina chizindikiro chake n'chakuti kasitomala amene ankafulumira wangoti zii. Konzani tsiku lomwelo ngakhale atavomera kale, ndipo ngati analipira, bwezani ndalama yapamwambayo ndi pepala losonyeza kubwezako. Zomba ndi tauni yaing'ono. Msungichuma wa sukulu ina ndi msungichumanso wa kutchalitchi kwina, ndipo amayerekeza mapepala.

## Chizindikiro 5: Mwazindikira kasitomala atavomera kale kapena atapereka dipoziti

Apa simukukonzanso koteshoni. Mukupempha kusintha mgwirizano, ndipo winayo ali ndi ufulu wokana. Zilembo za E&OE, zotanthauza kuti papepala pangakhale zolakwika kapena zoiwalika, zimene anthu amaika pansi pa pepala zimathandiza pokambirana za kuphonya kwa taipi, koma musaziyese chilolezo chosinthira mtengo mmene mwafunira.

Pali kusiyana pakati pa cholakwika choonekeratu ndi chobisika. Mukalemba desiki K8,500 m'malo mwa K85,000, aliyense wogula madesiki akudziwa kuti mtengo umenewo kulibe, ndipo n'kovuta kuti akukakamizeni. Koma mukalemba K78,000 m'malo mwa K85,000, kasitomala analibe njira yodziwira, ndipo mawu anu akumangani.

Nkhani yotere musaikambe pafoni. Pitani komweko, mutenge pepala la mawerengedwe anu. Musanapite, werengani nambala ziwiri: ndalama imene mutaye mukagwira ntchito pa mtengo wolakwikawo, ndi mtengo wotsikitsitsa umene mungagwirire osalowa m'ngongole. Mukafika, nenani cholakwikacho, onetsani masamu, kenako perekani njira:

- Kugawana kusiyanako, inu kusenza gawo lalikulu popeza wolakwa ndi inu.
- Kuchepetsa katundu kuti agwirizane ndi ndalama imene anakonza.
- Kusintha zipangizo momuuza, mwachitsanzo paini m'malo mwa matabwa olimba, n'kulemba kusinthako.
- Kumubwezera dipoziti yonse msanga ngati simunayambe ntchito ndipo iye wasankha kukafuna kwina.

Chimene mwagwirizana chilembedwe ndipo nonse musayine, ngakhale pa tsamba limodzi. Ngati panali LPO, pemphani kuti akupatseni yokonzedwa musanapereke katundu, chifukwa a ku akaunti amalipira zimene zili pa LPO, osati zimene munagwirizana pakhonde.

Njira imene ndimadana nayo kwambiri, ndipo ndaiona ikupha mashedi abwino, ndi yongokhala chete n'kubweza ndalamayo pa ntchito: matabwa osauma, vanishi kamodzi m'malo mwa kawiri, chitsulo chopyapyala. Desiki yotere imayamba kugwedera teremu isanathe, ndipo pamenepo palibe amene adzakumbuke za koteshoni. Adzangoti a ku Chinamwali aja ntchito yawo ndi yosalimba. Chimodzimodzinso kugwira katundu wa munthu kuti "sindipereka mpaka muwonjezere" pamene iye walipira zimene munalemba.

## Chizindikiro 6: Mwakonza, koma kasitomala wakwiya kapena sakuyankha

Zoyambitsa zake, kuyambira yofala: anali atapereka kale nambala yakale kwa abwana ake, komiti kapena amuna awo kapena akazi awo, akuganiza kuti munatsitsa dala kuti mupambane anzanu kenako mukweze, kapena nambala yatsopano yaposa ya wopikisana nanu.

Pa choyamba, funsani kuti, "Kodi pali wina amene ndingamulembere kalata yofotokoza kuti kulakwitsa kunali kwanga?" Kalata ya mizere isanu imamuchotsera munthu manyazi pamaso pa akuluakulu ake. Pa chachiwiri, mankhwala ake ndi kuika mapepala awiriwo pambali pa linzake n'kusonyeza kuti mzere umodzi wokha ndiwo wasintha. N'chifukwa chake pokonza musapezerepo mwayi wosintha zinthu zina. Pa chachitatu, muuzeni momasuka kuti ali ndi ufulu woyerekezanso mitengo. Pepesani kamodzi momveka, dikirani masiku awiri kapena atatu, imbaninso kamodzi. Kuimba m'mawa ndi madzulo kumangomuwonjezera kukayika.

## Pamene muyenera kuima n'kufunsa katswiri

Tenda kapena koteshoni ya ku boma. Kukhonsolo, kuchipatala cha boma, kuyunivesite ndi maofesi ena aboma amagula motsata malamulo amene bungwe la PPDA limayang'anira. Nthawi yotsekera isanakwane, mukhoza kubweza kapena kusintha zimene munaponya, polemba kalata motsata malangizo a m'chikalata cha tendayo. Ikangokwana, mtengo susinthidwa. Zolakwika za masamu amakonza okha a komiti younika, ndipo mwa nthawi zonse mtengo wa chinthu chimodzi ndi umene umatengedwa ngati woona ukasemphana ndi chiwonkhetso cha mzere. Choncho kuphonya kowonkhetsa ngati kwanga kuja kungakonzeke, koma ngati munalakwitsa mtengo wa desiki imodzi, umenewo ndi wanu. Kukana zokonzazo kapena kutuluka mochedwa kungakutayitseni mwayiwo, ngakhalenso chikole ngati munapereka. Musaimbire wa m'komiti kumbali kuti akusinthireni pepala. Umenewo ndi mlandu kwa nonse awiri. Lembani kalata ku ofesi yogula zinthu, ndipo ngati ndalama zake n'zambiri, funsani kaye munthu wodziwa malamulo a kagulidwe ka boma.

Loya. Muoneni ngati munasayinirana kontirakiti yokhala ndi chilango cha kuchedwa kapena kulephera, ngati mwalandira kalata yoopseza kukusumirani, kapena ngati kugwira ntchitoyo pa mtengo wolakwika kungagwetse bizinesi. Musalembe uthenga wakuti "ntchitoyi sindigwira" musanalankhule naye, chifukwa uthenga womwewo ungadzakhale umboni wakuti mwaphwanya mgwirizano.

Akauntanti. Ngati cholakwikacho chafika kale pa invoisi ya msonkho, makamaka ngati mwezi umenewo munapereka kale malipoti ku MRA, musang'ambe invoisiyo kapena kulembapo pamanja. Imakonzedwa ndi chikalata china chochotsera kapena chowonjezera chimene chimatchula nambala ya invoisi yoyambayo, ndipo kasitomala wolembetsa VAT amafunikanso chikalatacho m'mabuku ake.

## Zimene tinasintha pa shedi pathu

Chichitikireni nkhani ya mashelefu ija, fomu yathu ili ndi mzere wopanda kanthu pamwamba pa chiwonkhetso, ndipo fomula imathera pa mzere umenewo, kotero chilichonse chowonjezera chimalowa mkati mwake. Pansi timalemba kuti mtengowu ugwira ntchito masiku 14, kuti VAT ili pa mzere wakewake, komanso malo amene katundu akaperekedwe. Koteshoni iliyonse yoposa K1,000,000 siituluka usiku. Imagona, ndipo m'mawa achimwene amaiwonkhetsa ndi kakyuleta ali chiimire pa benchi, ine ndikuwawerengera mizere mokweza, kenako ndiye ndimatumiza.